Vidiyo ya ukwati yasweka nditaikweza, pomwe pa laputopu ili bwinobwino

Yamikani: Madzulo abwino nonse. Ndithandizeni nzeru. Loweruka lapitali ndinajambula ukwati pa holo ina ku Rosettenville, kuno ku Johannesburg. Ndaedita, ndatulutsa fayilo, pa laputopu ikuoneka bwino ndithu. Usiku ndaikweza pa YouTube kuti achibale a mkwati ku Dedza aonere. Mbali ya kutchalitchi ilibe vuto kwenikweni, koma ikafika pa perekaniperekani nkhope za anthu zikusungunuka, chithunzi chikugawika timabokosi, ndalama zikamaponyedwa m'mwamba sukuzindikiranso kuti mkwatibwi ndi uti. Eni ukwati andiimbira kawiri lero ndipo ndalama yotsala sanamalize kundipatsa. Ndalakwitsa pati?

Limbani: Ndi netiweki imeneyo achimwene. Ine ikamandichita choncho ndimadina kagiya kaja n'kusankha 1080p, basi imayera. Auzeni a ku Dedzawo achoke pa `Auto`.

Yamikani: Ndinayamba ndi zimenezo aLimbani. Ndili pa waifai, ndasankha 1080p50, timabokosi tili pompo. Ndipo tikubwera pa malo omwewomwewo nthawi zonse, pa mphindi 22 mpaka 31.

Nkhoma: Zimene anena aLimbani zimachitikadi, makamaka vidiyo ikangokwezedwa kumene, chifukwa YouTube imayamba yakonza zazing'ono monga 360p, zazikulu zimabwera pambuyo. Koma ngati 1080p yatuluka ndipo kusweka kukubwera pa mphindi zomwezo, netiweki tiichotsepo. AYamikani, ndiuzeni zinthu ziwiri zokha. Vidiyoyo ndi yotalika bwanji, ndipo fayilo yomwe munakwezayo ndi yayikulu bwanji?

Yamikani: Mphindi 40. Fayilo ndi 600 MB. Ndinatsitsa dala kuti data isandithere, ndimakweza ndi bandulo ya pa foni.

Nkhoma: Vuto lagona pamenepo. Tiwerengere limodzi kuti mawa muzitha kudziyeza nokha. Tengani 600 MB muchulukitse ndi 8, mupeza mamegabiti 4,800. Mphindi 40 ndi masekondi 2,400. Mukagawa, sekondi iliyonse ya vidiyo yanu yapatsidwa mamegabiti awiri okha, 2 Mbps, ndipo m'menemo muli ndi mawu omwe. Nambala imeneyo ndiye bitireti. Tsono inu munajambula zithunzi 50 pa sekondi, ndiye kuti chithunzi chilichonse chikudya pafupifupi makilobaiti 5, pomwe chili ndi timadontho toposa 2 miliyoni. Foto imodzi ya pa foni yanu imaposa pamenepo kambirimbiri.

YouTube yokha imalangiza 8 Mbps pa 1080p ya zithunzi 25 kapena 30 pa sekondi, ndi 12 Mbps ikakhala ya 50 kapena 60. Inu mwapereka gawo limodzi mwa magawo asanu ndi limodzi.

Yamikani: Ndamva aNkhoma. Koma chikundisokoneza n'chakuti fayilo yomweyo ya 600 MB pa laputopu ikuoneka bwino. Ikanakhala yoipa kale si bwenzi ndikuona?

Nkhoma: Itseguleni pa sikirini yonse, mupite pa mphindi 25, muimitse pamene ndalama zili m'mwamba. Muyang'ane pa khoma la kumbuyo ndi pa nsalu za amayi ovala yunifomu. Mundiuze.

Yamikani: Eee. Timabokosi tilimo ndithu. Maluwa a pa chitenje afufutika. Ndimaonera pa kawindo kakang'ono ndiye sindimaona.

Nkhoma: Ndiye kuti inachoka kwanu itavulala kale. Chomwe anthu ambiri sadziwa n'chakuti fayilo yomwe mumakweza si yomwe anthu amaonera. YouTube, Facebook, TikTok, onsewa amaimasula n'kuipanikizanso mwa njira yawo, pa masaizi osiyanasiyana, kuti wa foni yaing'ono ndi wa TV yayikulu aliyense alandire yomukwana. Kupanikiza kulikonse kumataya kanthu. Kamera inapanikiza koyamba, inu potulutsa munapanikiza kachiwiri ndipo mwamphamvu, iwo apanikiza kachitatu. Zili ngati kuchita fotokope pepala lomwe ndi fotokope kale. Choipa kwambiri n'chakuti makina awo sadziwa kuti timabokosi tanu ndi zolakwika. Amatitenga ngati mbali ya chithunzi, n'kumawononga mabiti awo ochepawo posunga timabokosi m'malo mosunga nkhope ya mkwatibwi.

Mphatso: Akulu, yankho lachidule ndi 4K basi. Tengani fayilo yanuyo muiponye mu pulogalamu ya HandBrake, muikweze ifike 4K pa 50 Mbps, mukweze. YouTube imalemekeza 4K. Ine zanga zonse ndimatero.

Nkhoma: Mphatso, mbali ina ukunena zoona ndipo tibwererako, koma pa fayilo ya 600 MB ija ayi. Madzi akatayika saoleka. Zomwe zinatayika potulutsa koyamba sizibwerera chifukwa chakuti waika nambala yayikulu. Upeza fayilo ya 15 GB yodzaza timabokosi tomwe tija, tosungidwa mosamala. AYamikani abwerere ku pulojekiti yawo, komwe kuli mafayilo a mu kamera, atulutse mwatsopano kuchokera kumeneko. Pulojekiti mukadali nayo?

Yamikani: Ilipo yonse pa hadi. Ndimagwiritsa Premiere. Koma ndifunsebe, n'chifukwa chiyani kutchalitchi kwapulumuka pomwe bitireti ndi yomweyo?

Nkhoma: Funso limenelo ndiye mutu wa nkhani yonse. Kodeki, kaya H.264 kaya ina iliyonse, sisunga chithunzi chilichonse chathunthu. Imasunga chimodzi chathunthu mwa apo ndi apo, kenako pa zotsatira imangolemba zomwe zasintha, kuti kachigawo aka kasunthira kumanja pang'ono, aka kali momwe kanalili. Kutchalitchi kamera inali pa thirayipodi, abusa aima malo amodzi, khoma silikuyenda, kuwala kwa masana kukulowa pa mawindo. Zosintha n'zochepa, ndiye 2 Mbps ikukwanira movutikira.

Pa perekaniperekani zonse zasintha nthawi imodzi. Kamera ili m'manja ikugwedezeka, anthu makumi asanu akuvina aliyense mbali yake, zitenje zili ndi timizere ting'onoting'ono, ndalama zamapepala zikuuluka n'kumatembenuka, magetsi a DJ akusintha holo yonse kuchoka kufiira kupita kubuluu pa kanthawi kochepa. Chithunzi chapitacho sichikuthandizanso kulosera chotsatira. Kodeki ikufuna mabiti ambiri, inu mwaimana, ndiye imangopaka kabokosi kalikonse mtundu umodzi n'kupitirira.

Palinso mdani wina wobisika. Mu holomo munali mdima eti? ISO inali pa chiyani?

Yamikani: Anazimitsa magetsi akuluakulu kuti a DJ aoneke. Ndinafika pa 6400.

Nkhoma: Ndiye chithunzi chili ndi timchenga tija tothwanima m'malo amdima. Diso lanu limatinyalanyaza, koma kwa kodeki kamchenga kalikonse ndi chinthu chatsopano pa chithunzi chilichonse, ndipo timadya mabiti kwambiri. Musanatulutse, mbali ya mu holo muichepetse timchengato ndi chida chochotsera noizi, pang'ono pokha. Mukapyola muyezo nkhope zimasalala ngati za zidole. Ndipo ngati munaonjezera `Sharpen` pa mbali imeneyo, chotsani, chifukwa imanola timchenga tomweto.

Mai a Tadala: Pepani ndilowerere, nkhaniyi yandikhudza. Ine ndimajambula kwaya yathu ya ku Turffontein ndi foni. Ndikatumiza pa gulu la mpingo la WhatsApp, ma yunifomu athu oyera amaoneka ngati apakidwa phala. Kodi nanenso ndikweze bitiretiyo? Ndimaipeza pati pa foni?

Nkhoma: Mayi, yanu ndi yosiyana pang'ono. WhatsApp imachepetsa vidiyo pa foni panu pomwepo isananyamuke, ndiye ngakhale mutajambula bwino chotani, idzaipanikizabe. Pali njira ziwiri. Potumiza dinani `HD` pamwamba paja, imathandizako ngakhale imachepetsabe. Mukafuna ifike momwe ilili, itumizeni ngati `Document`, imalola mpaka 2 GB ndipo siikhudza. Kungoti olandira adzalipira data yonse ya fayiloyo.

Mai a Tadala: Apo ndiye pavuta, amayi ambiri pa gulu lathu amagula data ya tsiku. Ndiyesa `HD` yo kaye. Ya `Document` ndizitumizira aphunzitsi a kwaya okha. Zikomo bambo.

Yamikani: Mai a Tadala mwandikumbutsa chinthu. Mnyamata amene anandithandiza kamera yachiwiri, mbali ya kufika kwa mkwatibwi, ananditumizira zidutswa zake pa foni ngati vidiyo wamba, osati `Document`. Ndinaziika momwemo mu pulojekiti.

Nkhoma: Zimenezo ngakhale mutulutse pa 100 Mbps zidzaonekabe zofooka pakati pa zinzake. Mupite mukatenge memori khadi yake, kapena akukopereni pa fulashi. Mukafuna kutsimikiza, ikani kapulogalamu kaulere kotchedwa MediaInfo, mutsegule chidutswa chimodzi. Kakuonetsani saizi ya chithunzi, kodeki ndi bitireti. Muyerekeze ndi fayilo ya mu kamera yanu, muona nokha kusiyana kwake.

Yamikani: Amakhala ku Yeoville, ndipita mawa m'mawa. Tsono potulutsa ndiike chiyani kwenikweni?

Nkhoma: Pa `Format` sankhani H.264. Saizi ikhale 1920x1080 ndipo zithunzi pa sekondi zikhale 50 monga munajambulira. Pa `Bitrate Encoding` sankhani `VBR, 2 pass`. Imeneyi imayamba yaonera vidiyo yonse kuti idziwe povuta ndi posavuta, kenako ulendo wachiwiri imamana mabiti kutchalitchi n'kukawathira pa magule. Imatenga nthawi yotalikirapo, muisiye usiku. `Target Bitrate` ine pa ukwati wa mtundu umenewu ndimaika 20, `Maximum` 30. Ija ya 12 ndimaitenga ngati poyambira, osati pothera, chifukwa holo yamdima yodzaza anthu ovina ndi imodzi mwa zinthu zovuta kwambiri kupanikiza. Mawu akhale AAC pa 320 kbps.

Yamikani: 20 Mbps kwa mphindi 40 ndiye kuti 6 GB. ANkhoma, bandulo yanga siingakwanitse zimenezo.

Limbani: Osakweza ndi foni achimwene. Pitani pa intaneti kafe yokhala ndi faiba, kapena mubwere kuno kwathu ku Malvern, ya pa nyumba pano imakweza pa 10 Mbps. 6 GB ndi ola limodzi ndi mphindi 20 ngati palibe wina akuigwiritsa ntchito. Mtengo wake muziuphatikiza pa ndalama yomwe mumatchaja eni ukwati.

Mphatso: Kapena atulutse ndi H.265, fayilo imachepa ndi theka, ukhondo womwewo.

Nkhoma: H.265 ndi yatsopanopo, inatuluka 2013 pomwe H.264 ndi ya 2003, ndipo n'zoona kuti imasunga chithunzi chofanana pa mabiti ochepa. YouTube imailandira. Koma theka lenilenilo musalidalire nthawi zonse, makamaka pa chithunzi cha timchenga. Komanso zimatengera chomwe chikupanikiza. Laputopu ikamagwiritsa khadi ya zithunzi kuti ithamange, zotuluka pa bitireti yotsika sizikhala zoyera ngati ikamachita pang'onopang'ono ndi purosesa. Chinanso, eni ukwati adzafuna kope ya pa fulashi yoonera pa TV kumudzi, ndipo ma TV akale ambiri H.265 saitsegula. H.264 mu MP4 imaseweredwa pafupifupi paliponse.

AYamikani, musanawononge 6 GB, chitani mayeso. Dulani mphindi imodzi yokha yoipitsitsa, ya ndalama zija. Muitulutse kanayi, pa 2, pa 12, pa 20, ndi ina ya Mphatso yokulitsa. Zonse muzikweze ngati `Unlisted`, mudikire zimalize kukonzedwa, muziyerekeze pa sekondi imodzimodzi. Mphindi imodzi pa 12 Mbps ndi 90 MB yokha, pa 20 ndi 150 MB.

Yamikani: Ya Mphatsoyo mwati pali zoona, ndi ziti?

Nkhoma: Mukadina kumanja pa vidiyo ya YouTube pa kompyuta n'kusankha `Stats for nerds`, pali mzere wa `Codecs`. Mukaona `avc1` ndiye kuti akukupatsani H.264. Mukaona `vp09` ndi VP9, `av01` ndi AV1, ndipo ziwirizi zimasunga bwino chithunzi pa mabiti ochepa. Zomwe ambiri taona n'zakuti vidiyo ya 1080p pa tchanelo chaching'ono kawirikawiri imapatsidwa `avc1`, koma ukakweza ya 1440p kapena 4K umapeza `vp09`. Ndiye anthu amakulitsa dala vidiyo ya 1080p potulutsa. Sikuti chithunzi chaonjezeka kanthu, akungofuna kuti chikagwe m'manja mwa kodeki yabwinoko. Silamulo lolembedwa, iwo akhoza kusintha tsiku lililonse, n'chifukwa chake ndikuti yesani. Ndipo 4K ndi yosafunika pa zimenezi, 2560x1440 ikwanira. Pa zithunzi 50 amalangiza 24 Mbps, pomwe 4K imafuna kuposa 50.

Mphatso: Ine ndimaonabe kuti 4K imaposa 1440p akulu. Ndinayesa pa vidiyo ya mpira wa anyamata ku Bez Valley, udzu unaoneka bwino pa 4K.

Nkhoma: Ukaionera pa 2160p inde, chifukwa pamenepo amapereka mabiti ambiri. Funso n'lakuti amene akuonerayo asankha chiyani. Unayerekeza zonse ziwiri pa 1080p?

Mphatso: Ayi, ndinaonera iliyonse pa pamwamba pake. Ndikayesanso.

Thoko: Ine ndifunse mbali ina. Achibale a ku Dedzawo ambiri aonera pa foni, pa 360p kapena 480p, kuti bandulo isathe. Ndiye ma 6 GB onsewa apindula nawo chiyani? Si bwino kungowapangira kafayilo kakang'ono kabwino n'kuwatumizira?

Nkhoma: Achemwali mwafunsa bwino. Apindulabe, chifukwa 480p yawoyo imapangidwa kuchokera ku fayilo yomwe aYamikani akweza. Ikachokera ku choyera imatuluka yofewa koma yooneka, ikachokera ku cha timabokosi imatuluka phala. Koma maganizo anu a kafayilo kapadera ndi abwinonso, ndipo apa pali phunziro lomwe likanawapulumutsa aYamikani poyamba pomwe. Data ikachepa, tsitsani saizi ya chithunzi, osati bitireti yokha. 2 Mbps pa 1080p ya zithunzi 50 ndi njala. 2 Mbps yomweyo pa 720p ya zithunzi 25 ndi chakudya chokwanirako, chifukwa timadontho tatsika kupitirira theka ndipo zithunzi zatsika ndi theka, ndiye kadontho kalikonse kakulandira mabiti ochuluka kanayi ndi theka. Amene ali ndi pulogalamu ya ffmpeg angachite chonchi kuchokera ku fayilo yabwino ija:

```
ffmpeg -i ukwati.mp4 -vf scale=1280:720,fps=25 -c:v libx264 -preset slow -crf 24 -c:a aac -b:a 128k -movflags +faststart kumudzi.mp4
```

Nambala ya `-crf` ikatsika chithunzi chimayera ndipo fayilo imakula. Mukaitsitsa ndi 6 fayilo imakula pafupifupi kawiri. Mu HandBrake ndi chimodzimodzi, pamenepo amalemba `RF`. Ikatuluka muitumize ngati `Document` kuti isapanikizidwenso.

Thoko: Nanga bwanji osangojambula pa 25 kuyambira pachiyambi?

Yamikani: Ine ndimakonda 50 achemwali, magule amayenda mosalala, komanso ndimatha kuchedwetsa pamene akudula keke.

Nkhoma: Ine ukwati wausiku ndimajambula pa 25, shata pa 1/50. Kuwala kolowa kumachuluka kawiri poyerekeza ndi 1/100, ndiye ISO 6400 ija ikanakhala 3200, timchenga tikanachepa. 50 ndimasungira zidutswa zomwe ndikudziwa kuti ndidzachedwetsa. Koma pamenepa ojambula amasiyana, ndipo pa magule othamanga 50 ili ndi ubwino wake, sindikukanirani. Chomwe ndingakakamire n'chakuti kuno ndi kumudzi komwe magetsi ndi a 50 Hz, ndiye khalani pa 25 kapena 50. Mukapita pa 30 kapena 60 pansi pa mababu ena chithunzi chimaphethira, ndipo kuphethirako nakonso kumadya mabiti.

Yamikani: Ndabwerera abale. Khadi ya mnyamata uja ndakatenga, zidutswa zake ndasintha. Mayeso ndachita kwa aLimbani dzulo madzulo. Ya 2 Mbps ndi phala lomwe lija. Ya 12 yasintha kwambiri, nkhope zikuoneka, maluwa a pa zitenje abwerera, kungoti ndalama zikachuluka m'mwamba khoma la kumbuyo likuswekabe pang'ono. Ya 20 pamenepo yagwirako bwino, koma kusiyana kwake ndi ya 12 n'kochepa kuposa momwe ndimaganizira. Zitatu zonsezi zikuonetsa `avc1`. Ya 1440p pa 24 Mbps inachedwa kukonzedwa, koma yatuluka `vp09` ndipo pa laputopu ndiyo yoyera kuposa zonse, ngakhale nditaiika pa 1080p. Pa foni yanga, kunena zoona, ya 20 ndi ya 1440p sindikuzisiyanitsa.

Limbani: Ine ndinaonera nawo. Chomwe chinandidabwitsa ndi kuchotsa timchenga kuja. Tinayesa ya 12 kawiri, ina yochotsa ina yosachotsa, yochotsayo inaoneka ngati ya bitireti yokwera.

Nkhoma: Magetsi a DJ akamathwanima pali posweka pomwe patsalebe ngakhale mutatani, chifukwa bitireti yomwe iwo amatumizira oonera simungailamule. Tsono musankhe. Ya 1440p yonse ikhala 7.2 GB, ya 1080p pa 20 ikhala 6 GB. Ndipo dziwani kuti pa YouTube simungasinthe fayilo pa linki yakale, mukakweza yatsopano linki ikhalanso yatsopano, ndiye muwauze eni ukwati asanapitirize kugawa yakaleyo.

Mphatso: Pitani pa 1440p akulu, kusiyana kwa 1.2 GB si kanthu pa faiba.

Thoko: Ine ndikanakhala inu ndikanayamba ndi ya 720p ya kumudzi ija, ndi imene anthu akuidikira. Mayi a mkwati sadzatsegula `Stats for nerds`, akufuna aone mwana wawo akuvina.

Yamikani: Ya 720p ndaiyamba kale, ikatha ndiona kukula kwake, ikapyola 700 MB ndikweza `-crf` ifike 26. Yayikuluyo nditulutsa usiku uno pa 1440p. ALimbani, mawa cha m'ma 6 koloko madzulo mudzakhalapo? Ndibwera ndi hadi.

Limbani: Ndidzakhalapo. Mubwere ndi chaja ya laputopu, soketi ya pafupi ndi rauta ilipo imodzi yokha.